0.1 kuphatikiza 0.2: kodi ka 4 kakumchirako kakuchokera kuti?

Mwana wa ku pulayimale amene waphunzira madesimali mukamufunsa kuti 0.1 kuphatikiza 0.2 ndi zingati, sachita kukanda mutu. Amayankha kuti 0.3, ndipo amakhoza. Koma funso lomwelo mukaipatsa kompyuta, kudzera m'chiyankhulo cholembera mapulogalamu monga Python, yankho lake limadza motere:

```
>>> 0.1 + 0.2
0.30000000000000004
>>> 0.1 + 0.2 == 0.3
False
```

Mzere wachiwiriwo ukufunsa kuti, kodi ziwirizi n'zofanana? Kompyuta ikuti ayi. Ngati mulibe Python, tsegulani Chrome pa kompyuta, dinani batani la F12, sankhani polembedwa kuti Console, n'kulemba samu yomweyo. Mupeza 3, kenako maziro 15, ndipo kumchira kwenikweni ka 4. Mukayesa pa kompyuta ya mnzanu, yatsopano kapena yakale, ya ku Lilongwe kapena ya ku Tokyo, ka 4 kameneka mukapeza pamalo omwewo.

Ambiri akaona izi koyamba amaganiza kuti makina awonongeka, kapena kuti amene anawapanga analakwitsa penapake. Si choncho. Kompyuta yaphatikiza bwinobwino manambala amene inali nawo. Nkhani ndi yakuti 0.1 weniweniyo sinakhale naye n'komwe. Cholakwikacho chinalowera pakhomo, pa nthawi imene nambalayo inkasungidwa, kuphatikiza kusanayambe.

Ifenso anthu vuto limeneli tili nalo, kungoti tinalizolowera. Anthu atatu agawane K100 mofanana. Aliyense atenga K33.33, ndipo mukaphatikiza magawo atatuwo mupeza K99.99. Tambala imodzi yasowa, komatu palibe waba. Mukati muwonjezere ma 3 ena, 33.3333, mupeza 99.9999, ndipo ngakhale mutalemba ma 3 kudzaza kope lonse simudzafika pa 100. Gawo limodzi mwa magawo atatu sililembeka mpaka kutha m'kalembedwe kathu ka makhumi, chifukwa 3 salowa mwa 10, kapena mwa 100, kapena mwa 1,000, popanda chotsala. Pamene pepala lathera timadula, ndipo kodulidwako n'kamene kamasowa.

Ife timawerenga m'makhumi. Kompyuta imawerenga muwiriwiri, chifukwa m'kati mwake chilichonse chimasungidwa ndi tizizindikiro tiwiri tokha, 0 ndi 1, ngati magetsi oyaka ndi ozima. Kachizindikiro kamodzi koteroko amakatcha biti. Pa manambala athunthu palibe vuto: 5 ndi 4 kuphatikiza 1, 13 ndi 8 kuphatikiza 4 kuphatikiza 1, ndipo nambala yathunthu iliyonse imapangika ndi 1, 2, 4, 8, 16 ndi anzake otsatira. Zimavuta ndi zidutswa. Kwa ife, malo oyamba kuseri kwa kadontho ndi magawo a khumi, achiwiri ndi magawo a 100. Kwa kompyuta malo oyamba ndi theka, achiwiri ndi theka la theka, achitatu ndi theka la pamenepo, kumangotero. Ili ngati munthu wogawa mzimbe amene amadziwa kudula pakati pokha. Mukam'pempha theka akupatsani lenileni. Mukam'pempha kota, kapena makota atatu, akupatsaninso popanda kuphonya. N'chifukwa chake 0.5 kuphatikiza 0.25 amapereka 0.75 ndendende pa kompyuta iliyonse. Koma m'pempheni gawo limodzi mwa magawo khumi, muone.

Tiyese ndi ndalama kuti zioneke bwino. Tili ndi K1,000, ndipo tikufuna gawo lakhumi, lomwe ndi K100. Lamulo ndi lakuti tingogwiritsa ntchito zidutswa zopezeka podula pakati, chilichonse kamodzi kokha: K500, K250, K125, K62.50, K31.25, ndi zina zocheperachepera. Zitatu zoyambazo zakula kuposa K100, tizisiya. K62.50 ikulowa. K31.25 ikulowanso, ndipo tafika pa K93.75. Yatsala K6.25. Zidutswa ziwiri zotsatira, cha pafupifupi K15.63 ndi cha K7.81, zakula kuposa chotsalacho. Ziwiri zinazo, cha K3.91 ndi cha K1.95, zikulowa, ndipo tafika pafupifupi pa K99.61. Atsala matambala 39. Tikapitiriza zichitikanso chimodzimodzi: ziwiri tisiya, ziwiri titenga, chotsala chichepa ka 16, koma sichitha. Tikalemba 1 pa chidutswa chimene tatenga ndi 0 pa chimene tasiya, gawo lakhumi limaoneka chonchi:

```
0.0001100110011001100110011...
```

Kagulu ka 0011 kamangobwerezabwereza mpaka kalekale, monga amachitira ma 3 aja. Chifukwa chake n'chomwecho. Khumi ndi 2 kuchulukitsa ndi 5, ndipo 5 ameneyo salowa mwa 2, mwa 4, mwa 8, kapena mwa nambala iliyonse yopezeka powirikiza kawiri. Choncho pa zidutswa zisanu ndi zinayi zoyambira 0.1 mpaka 0.9, chimene kompyuta imatha kuchisunga chenicheni ndi 0.5 yekha. Zinazo imasunga zoyandikira.

Tsono imadula pati? Apa m'pamene pamalowera dzina la manambala amenewa. M'mapulogalamu ambiri mtundu wake umalembedwa kuti `float` kapena `double`, ndipo ganizo lake ndi la kadontho koyendayenda, kosakhazikika malo amodzi. Amene anadutsa ku sekondale akukumbukira kuti 1,500,000 amatha kulembedwa ngati 1.5 × 10⁶, ndipo 0.0015 ngati 1.5 × 10⁻³. Manambala ofunika ndi omwewo, 1 ndi 5. Chasintha ndi chouza kumene kadontho kakhale. Kompyuta imachita zomwezo muwiriwiri. Pa kasungidwe kofala kwambiri, nambala imodzi imapatsidwa mabiti 64. Imodzi imanena ngati nambalayo ili pamwamba kapena pansi pa ziro, 11 amanena malo a kadontho, ndipo 52 otsalawo amasunga nambala yeniyeniyo. Pali biti ina imodzi ya kutsogolo imene sasunga chifukwa imadziwika kale kuti ndi 1, choncho onse pamodzi amakhala 53. M'kawerengedwe kathu, amenewa ndi malo pafupifupi 16.

Dongosolo limeneli lili ndi dzina, IEEE 754, ndipo linakhazikitsidwa mu 1985. Patsogolo pa ntchitoyo panali William Kahan, katswiri wa masamu wa ku yunivesite ya California ku Berkeley, amene mu 1989 analandira mphoto ya Turing. Zisanatero, kampani iliyonse yopanga makompyuta inali ndi kadulidwe kakekake, moti pulogalamu imodzi inkatha kupereka mayankho osiyana pa makina awiri. Kufanana kwa ka 4 kaja paliponse ndi chipatso cha mgwirizano umenewu. Ine ndimaona kuti ndi chinthu chabwino kwambiri: kuphonya kumene kumabwera mofanana nthawi zonse munthu angathe kukuphunzira, kukuyeza ndi kukupewa.

Popeza malo ndi owerengeka, manambala amene kompyuta ingasunge ali ngati miyala yopondapo powoloka mtsinje. Phazi limatera pa mwala, silingatere pakati. Ndipo miyalayi sinayalidwe motalikirana mofanana. Pafupi ndi ziro ndi yothithikana kwambiri, koma nambala ikawirikiza kawiri, mpata wa pakati pa miyala nawo umawirikiza kawiri. Mukalemba 0.1, kompyuta imafuna mwala woyandikira kwambiri n'kuimapo. Tingathe kuifunsa kuti itionetse pamene yaima:

```
>>> format(0.1, ".20f")
'0.10000000000000000555'
>>> format(0.2, ".20f")
'0.20000000000000001110'
>>> format(0.3, ".20f")
'0.29999999999999998890'
```

Taonani bwino mizere itatuyi, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Mwala wa 0.1 uli pamwamba pang'ono pa 0.1 weniweni. Wa 0.2 ulinso pamwamba pang'ono. Koma woyandikira kwambiri 0.3 uli pansi pang'ono. Awiri opitirira akaphatikizana, zopitirira zawo zimaphatikizananso, ndipo yankho lenileni limakhala 0.30000000000000001665 ndi timanambala tina totsatira. Pamenepo palibe mwala. Wa m'munsi ndi uja wa 0.3, wothera ndi 8890, ndipo wa pamwamba ndi 0.30000000000000004441. Chochititsa chidwi n'chakuti yankholi limagwera pakatikati penipeni pa miyala iwiriyi, osapendekera uku kapena uko.

Zikafika potere lamulo la IEEE 754 limati sankhani mwala umene biti yake yomaliza ndi 0. Analiika chomwecho kuti kompyuta isamangokwera nthawi zonse kapena kumangotsika nthawi zonse, koma nthawi zina ikwere, nthawi zina itsike, kuti pa masamu ambirimbiri kuphonyako kuzifafanizana. Pa samu yathuyi mwala wothera ndi 0 ndi wa pamwambawo. Kompyuta imaimapo. Ndiye poonetsa yankho, Python imalemba manambala ochepetsetsa okwanira kusiyanitsa mwala umenewu ndi anzake oyandikana nawo. Ikanalemba 0.3 bwenzi ikunena za mwala wina uja wa m'munsi. Choncho imapitiriza mpaka pa malo a 17, pamene pali 4. Ka 4 kaja kachokera pamenepo.

Wina anena kuti kakyuleta yake ya pasitolo imapereka 0.3 bwinobwino, ndipo akunena zoona. Makakyuleta ambiri a m'manja amawerengera m'makhumi ngati ife, choncho 0.1 sawavuta, ngakhale gawo lachitatu limawavutabe. Mapulogalamu ena amawerengera muwiriwiri koma amabisa mchira poonetsa. Excel imaonetsa manambala osapitirira 15, ndiye ka 4 ka pa malo a 17 sikaoneka. Koma kubisa si kuchotsa. Lembani izi m'kabokosi ka Excel:

```
=1*(0.5-0.4-0.1)
```

M'malo mwa ziro mupeza -2.78E-17, kutanthauza kanambala kochepetsetsa ka pansi pa ziro. Pochotsera manambala oyandikana, mbali zawo zofanana zimadyana n'kutha, ndipo chotsala poyera ndi kuphonya kuja kokha.

Kunena zoona, kuphonyaku n'kochepa zedi. Mutayeza mtunda wochoka pano kukafika ku dzuwa, makilomita pafupifupi 150 miliyoni, n'kuphonya pa mlingo womwewu, kusiyana kwake sikungapose kunenepa kwa tsitsi limodzi. Woyeza mvula, womanga mlatho, wolosera zanyengo, onsewa zipangizo zawo zoyezera zimaphonya kwambiri kuposa apa, ndipo kwa iwo kasungidwe kameneka n'kokwanira ndiponso n'kachangu. Kanthu kochepaka kamaluma pokhapokha pulogalamu ikafunsa funso lofuna inde kapena ayi, ikadula mchira wa nambala, kapena ikabwereza kuphonya komweko kambirimbiri.

Za inde kapena ayi taziona kale pamwambapa. Taganizani pulogalamu youza mpope kuti uzithira madzi malita 0.1 nthawi iliyonse, ndipo uime akakwana lita imodzi ndendende. Mukaphatikiza 0.1 kakhumi, mmodzimmodzi, kompyuta imafika pa 0.9999999999999999. Funso lakuti kodi tafika pa 1 liyankhidwa kuti ayi. Ithiranso, ifika pa 1.0999999999999999, ndipo 1 yamudumpha osamuponda. Mpopewo sudzaima. Wolemba pulogalamu wozindikira safunsa kuti kodi zafanana, amafunsa kuti kodi tafika kapena tapitirira, apo ayi amawerenga maulendo khumi ndi nambala yathunthu.

Kudula mchira ndiye kumakhudza thumba. Tinene kuti pulogalamu ya m'sitolo ikufuna kusandutsa K4.35 kukhala matambala. Ichulukitsa ndi 100 n'kutaya za kuseri kwa kadontho, poganiza kuti kulibe kanthu:

```
>>> 4.35 * 100
434.99999999999994
>>> int(4.35 * 100)
434
```

Kuphonya kosaoneka ndi maso kwasanduka tambala yathunthu. Masiku ano tambala sigula kanthu pamsika, koma m'mabuku a banki, pa chiwongoladzanja, pa msonkho ndi posintha ndalama zakunja imawerengedwabe. Wowerengera ndalama amene mabuku ake asiyana ndi tambala imodzi sangatseke mwezi, ndipo angathe kutaya tsiku lonse akufufuza lisiti limene silinasowe.

Pa za kubwerezabwereza pali nkhani yomvetsa chisoni imene inachitikadi. Pa 25 Febuluwale 1991, nthawi ya nkhondo ya ku Gulf, mzinga wa Iraq wa mtundu wa Scud unagwera pa nyumba yogona asilikali a America ku Dhahran m'dziko la Saudi Arabia, n'kupha asilikali 28. Pamalopo panali zida za Patriot, zimene ntchito yake inali kuona mzinga ukubwera ndi kuuphulitsa usanafike. Tsiku limenelo sizinawombere n'komwe.

Wotchi ya m'kati mwa zidazo inkawerenga nthawi m'magawo akhumi a sekondi. Pofuna kupeza masekondi, pulogalamu inkachulukitsa chiwerengerocho ndi 0.1, ndipo 0.1 ameneyo anasungidwa m'mabiti 24 okha, mchira wake n'kudulidwa. Makinawo anali akale, ndipo kasungidwe kawo sikanali ka IEEE 754, koma gwero la vuto ndi lomwe lija la 0011 wosatha. Pa gawo lakhumi lililonse pankasowa pafupifupi masekondi 0.000000095. Zidazo zinapangidwa poganiza kuti zizigwira ntchito maola ochepa n'kusamutsidwa, koma za ku Dhahran zinali zitayaka pafupifupi maola 100 osazimitsidwa. M'maola 100 muli magawo akhumi a sekondi 3,600,000, ndipo mukachulukitsa mupeza kuti nthawi inali itaphonya ndi masekondi 0.34. Kwa munthu, kumeneko n'kuphethira kwa diso. Koma Scud imathamanga mamita oposa 1,600 pa sekondi, choncho pa kanthawi kameneko imakhala itayenda mtunda woposa theka la kilomita. Makina ataona chinthu m'mwamba anawerengera pamene chiyenera kukhala kanthawi kotsatira, anayang'ana pamenepo, sanapeze kanthu, ndipo anaganiza kuti panalibe mzinga. Vutoli linali litadziwika kale, ndipo pulogalamu yokonzedwa inafika ku Dhahran tsiku lotsatira.

Chimene chimandikhudza pa nkhaniyi n'chakuti chiwerengero cha wotchiyo chinali cholondola. Inkawerenga 1, 2, 3, manambala athunthu, osaphonya ngakhale kamodzi. Zinasokonekera posandutsa chiwerengerocho kukhala masekondi ndi zidutswa zake. Ndipo mankhwala a mavuto ambiri a mtundu umenewu ali pomwepo: pamene chinthu chili chowerengeka, chiwerengeni ndi manambala athunthu. Mapulogalamu abwino a ndalama sasunga K4.35 ngati 4.35. Amasunga matambala 435, amaphatikiza ndi kuchotsera matambala okhaokha, ndipo kadontho amakaika pomaliza, posindikiza lisiti. Pamafunikabe kugwirizana chochita ndi theka la tambala likatuluka pa chiwongoladzanja kapena pa msonkho, koma chimenecho chimakhala chosankha cha anthu, cholembedwa poyera, osati ngozi ya m'makina.

Njira ina ndi kuuza kompyuta kuti iwerengere m'makhumi ngati ife. Ziyankhulo zambiri zili ndi chida chake. Mu Python ndi ichi:

```
>>> from decimal import Decimal
>>> Decimal("0.1") + Decimal("0.2")
Decimal('0.3')
```

Tizizindikiro totsekera nambalato tisaiwalike. Mukalemba `Decimal(0.1)` popanda ito, nambalayo imayamba yasungidwa muwiriwiri, n'kufika kwa `Decimal` itapotoka kale, ndipo iye amangosunga mokhulupirika chopotokacho. Ambiri ophunzira kumene amagwa m'mbuna imeneyi. Njirayi imachedwerapo kuposa `float`, ndipo gawo lachitatu silitha kulembeka ngakhale kumeneko, koma pa ndalama ndi yoyenera.

Pamene chinthu chili choyezedwa, monga kulemera kwa thumba la chimanga kapena kutentha kwa thupi, `float` alibe vuto, bola osafunsa ngati manambala awiri afanana ndendende. Funsani ngati ayandikana mokwanira. Python ili ndi `math.isclose(0.1 + 0.2, 0.3)`, imene imayankha kuti `True`. Pa Excel, ikani `ROUND` pa samu ya ndalama musanayerekeze makabokosi awiri, mwachitsanzo `=ROUND(A1*B1,2)`. Kungosintha maonekedwe a kabokosi kuti kazionetsa malo awiri sikusintha nambala yosungidwa m'kati mwake.

Kuzindikira kuti mwakumana ndi vutoli sikovuta. Yankho limakhala ndi mndandanda wautali wa ma 0 kapena ma 9, kenako kanambala kachilendo cha pa malo a 16 kapena 17. Kapena pamene mumayembekeza ziro pamabwera nambala yothera ndi E-16 kapena E-17. Chizindikiro china n'chakuti yankho limasintha mukasintha dongosolo la kuphatikiza: `(0.1 + 0.2) + 0.3` amapereka 0.6000000000000001, pamene `0.1 + (0.2 + 0.3)` amapereka 0.6, chifukwa phazi latera pa miyala yosiyana m'njira. Koma ngati pa samu zochepa mabuku asiyana ndi K50 kapena K500, musanamizire kadontho koyendayenda. Pamenepo pali lisiti losowa kapena nambala yolembedwa molakwika.

Miyala ija imapitiriza kutalikirana manambala akamakula, mpaka mpata wake umaposa 1. Malire ali pa 9,007,199,254,740,992, amene ndi 2 wochulukitsidwa yekha ka 53. Kufika pamenepo nambala yathunthu iliyonse ili ndi mwala wake, koma kupitirira apo miyala imadumpha iwiriiwiri, moti mukawonjezera 1 pa nambala imeneyi monga `float` imabwerera yomweyo. Excel imafika msanga pa malire ake a manambala 15: mukalemba nambala ya khadi la ku banki ya manambala 16 m'kabokosi wamba, yomalizayo imasanduka 0, ndipo mukasunga fayiloyo simungaibwezenso. Nambala ya khadi, ya akaunti kapena ya foni si yochitira samu. Musanailembe, sinthani kabokosiko kakhale ka `Text`, kapena yambani ndi kachizindikiro ka `'` kutsogolo kwake, ndipo manambala onse 16 akhala monga mwawalembera.